ZAUMOYO WATHU: Chikwangwani cha pasinki chinene chinthu chimodzi, ndipo chimveke

Ulendo uno tikambirana za zikwangwani zaukhondo zimene zimapachikidwa m'khitchini, makamaka chija chokumbutsa anthu kusamba m'manja.

Dera lathu lino la Beaumont Leys limadyetsa anthu ambiri ku Mangalande kuno. Fakitale ya Walkers ili konkuno, ndiponso Bradgate Bakery ya kampani ya Samworth Brothers yomwe imapanga masangweji. Ambiri a ife timagwira ntchito yokhudza chakudya, ena m'mafakitale, ena m'makhitchini a sukulu, ena m'nyumba zosungira okalamba, ndipo ophunzira athu amapezerako ya lendi m'malo odyera. M'mafakitale akuluakulu muli akatswiri olemba zikwangwani. Koma m'khitchini ya tchalitchi, m'holo yomwe tabwereka kuti tichitiremo ukwati, kapena m'kabizinesi ka mayi wophika mandasi ndi samusa, wolemba chikwangwanicho ndi ife tomwe. Tikachilemba mosamveka, wodwala ndi mwana wathu kapena agogo athu.

Mfundo yathu lero ndi imodzi. Chikwangwani chabwino chimanena chinthu chimodzi, pamalo pomwe chinthucho chimachitikira, m'mawu oti munthu wotopa awamve pongoyang'ana kamodzi, komanso ndi chithunzi choti ngakhale wosadziwa chilankhulocho achimve.

Zimene lamulo limafuna

Lamulo la ukhondo wa chakudya kuno limanena kuti malo okonzera chakudya akhale ndi masinki okwanira osambirapo m'manja, okhala ndi madzi otentha ndi ozizira, sopo, ndi chopukutira chaukhondo. Limanenanso kuti ogwira ntchito aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa, ndipo kuti wogwira chakudya akadwala matenda otha kufalikira kudzera m'chakudyacho auze bwana wake nthawi yomweyo. Oyendera a khonsolo ya mzinda wa Leicester ndi amene amaona ngati izi zikutsatidwa, ndipo ndiwo amapereka malikisi aja oyambira pa 0 mpaka 5 omwe timawaona pakapepala kagirini pazitseko za malo odyera. Ndondomeko ya malikisiyi inayamba m'chaka cha 2010 pansi pa bungwe la Food Standards Agency.

Choncho chikwangwani sichilowa m'malo mwa sinki, sopo kapena maphunziro. Ntchito yake ndi kukumbutsa munthu zimene anaphunzira kale, panthawi imene mutu wake uli pa mpunga womwe ukupserera. Tikapachika chikwangwani chokongola pamwamba pa sinki yopanda sopo, tangokongoletsa khoma basi.

Vuto la mawu akuti kusamba m'manja

Tonsefe tinakula tikusamba m'manja. Nsima ikafika pamphasa, beseni la madzi limazungulira, kuyambira kwa akulu mpaka kukafika kwa mwana wotsiriza, madzi ake omwewo. Masiku ano m'makomo ambiri kumudzi anthu amathirirana madzi ndi jagi, ndipo ndi bwino kwambiri. Komabe m'mutu mwa ambiri a ife, kusamba m'manja ndi kunyowetsa zala kwa kanthawi kochepa tisanadye. Ndiye munthu akawerenga pakhoma kuti sambani m'manja, amatsegula mpopi, n'kunyowetsa zala, n'kupukuta paepuloni, mtima wake uli mbee kuti wamvera.

N'chifukwa chake mawu akuti ndi sopo asasowe pachikwangwani chathu. Sopo ndiye amamasula mafuta ndi litsiro zomwe tizilombo timakakamirapo, kenaka madzi n'kuzikokolola. Umboni wa izi tili nawo kwathu komwe. Pa kampu ya othawa nkhondo ya ku Mozambique ya Nyamithuthu m'boma la Nsanje, ofufuza anapeza kuti mabanja omwe anali ndi sopo m'nyumba ankadwala matenda otsegula m'mimba mocheperapo ndi 27 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi omwe analibe. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'chaka cha 1998.

Chichewa chili ndi mawu osiyana omwe tiwagwiritse ntchito mosamala. Timasamba m'manja, timatsuka mbale ndi mapoto, timachapa nsalu, timatsukuluza sopo kuti achoke. Tikalemba kuti tsukani m'manja anthu amvabe, koma pakhoma pomwe palinso chikwangwani cha mbale, ndi bwino mawu a manja akhale amodzimodzi paliponse. Tisalembe sambani pano, tsukani apo, yeretsani uko. Mawu akasinthasintha, wowerenga amaganiza kuti ntchitonso yasintha.

Palinso nkhani ya ulemu. M'khitchini yathu mumaphika amayi akuluakulu omwe anayamba kuphikira khamu ife tisanabadwe. Chikwangwani chonena kuti samba chikuwatukwana, ndipo sachimvera. Tilembe kuti sambani. Koma ulemuwo usatitalikitsire mawu. Chiganizo chonga chakuti tikupempha onse ogwira ntchito muno kuti ayesetse kuonetsetsa kuti asamba m'manja mwawo nthawi ndi nthawi ndi chaulemu ndithu, koma palibe achiwerenge mpaka kumapeto, ndipo sichikunena kuti nthawi yake ndi iti. Mawu oyamba akhale ntchito yoti ichitike: sambani, pukutani, tayani, uzani.

Tiyerekeze ndi khitchini imodzi

Tiyerekeze kuti tabwereka holo kuno ku Beaumont Leys kuti tikondwerere ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye. Tikuyembekeza alendo 150, ophika alipo 12, ena ndi amayi athu, ena ndi ophunzira ongodzipereka, ndipo awiri ndi anansi athu osamva Chichewa. Khitchini ili ndi chitseko chimodzi, kasinki kakang'ono pafupi ndi chitsekocho, masinki awiri akuluakulu otsukira, tebulo lodulirapo nkhuku, ndi tebulo lina la saladi ndi zakupsa. Chimbudzi chili m'khonde.

Ambiri akhoza kulemba pepala limodzi la malamulo 20 n'kulimata pachitseko. Pepala lotere limasangalatsa wolemba yekha. Khitchini imeneyi ikufunika zikwangwani zinayi zokha, chilichonse pamalo pake, ndipo tizione chimodzichimodzi.

Choyamba: pamwamba pa kasinki

Ichi ndiye chachikulu. Mutu wake ukhale wa mawu ochepa, m'zilembo zazikulu: Sambani m'manja ndi sopo, masekondi 20. Pansi pake pakhale zithunzi zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi nambala yake ndi mzere umodzi wa mawu.

1. Nyowetsani manja, pakani sopo. Chithunzi chionetse manja awiri pansi pa mpopi wotseguka, ndi botolo la sopo wamadzi pambali. Dontho la sopo lioneke lili pachikhatho.

2. Tikitani zikhatho ndi kuseri kwa manja. Dzanja lamanja lili pamwamba pa kuseri kwa dzanja lamanzere, thovu likuoneka, ndipo kamuvi kakuloza kutsogolo ndi kumbuyo.

3. Tikitani pakati pa zala. Zala za manja onse zalowana, zikuoneka bwino chimodzichimodzi.

4. Tikitani zala zazikulu. Dzanja limodzi lafumbata chala chachikulu cha linzake, kamuvi kozungulira kakusonyeza kupotokola.

5. Tikitani nsonga za zala ndi zikhadabo. Nsonga za zala zasonkhana pamodzi, zikupekesa pakati pa chikhatho cha dzanja linalo.

6. Tsukuluzani, pukutani ndi pepala, tsekani mpopi ndi pepala lomwelo. Dzanja lagwira mpopi kudzera papepala, ndipo bini ili pansi.

Mwina mukudabwa chifukwa chimene chala chachikulu ndi nsonga za zala zapatsidwa zithunzi zawozawo. M'chaka cha 1978 wofufuza wina dzina lake Taylor anapempha anamwino kuti asambe m'manja ndi mankhwala amtundu, n'kuona malo omwe utotowo sunafike. Malo omwe ankaphonyedwa kawirikawiri anali zala zazikulu, nsonga za zala ndi pakati pa zala. Ife anamwino timaphunzitsidwa zimenezi mpaka lero. Tsono taganizani, zala zomwezi ndi zomwe zimatsina mchere, kugwira mpeni ndi kusanja masangweji. Munthu akasiyidwa yekha amangotikita zikhatho, pomwe ndi pamalo posavuta kuyera.

Masekondi 20 aja ndi a kutikita ndi sopo kokha. Ntchito yonse, kuyambira kunyowetsa mpaka kupukuta, imatenga masekondi 40 kapena 60. Ndi bwino kulemba nambala kusiyana ndi kulemba kuti sambani bwinobwino, chifukwa bwinobwino wa wina ndi masekondi atatu.

Chithunzi chotsiriza chili ndi mfundo ziwiri zomwe zimaiwalika. Mpopi unatsegulidwa ndi dzanja lomwe linagwira nkhuku yaiwisi, ndiye kuutseka ndi dzanja loyera ndi kubwezera tizilombo pomwe tachoka. Komanso manja onyowa amatola ndi kusiya tizilombo mosavuta kuposa ouma. Kathaulo kamodzi kolendewera komwe aliyense akupukutira, epuloni, ngakhale chitenje chomwe tamanga m'chiuno, zonsezi zimabwezera litsiro. Pepala limagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa.

Pansi penipeni pa chikwangwanichi tiwonjezere mzere umodzi: Sinki iyi ndi ya manja okha. Pambali pake tijambule poto ali m'bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere. Popanda mzerewu, pofika masana kasinki kaja kadzakhala katadzaza ndi mipeni ndi zipande, ndipo wofuna kusamba adzangodutsa.

Chachiwiri: kuseri kwa chitseko cha chimbudzi

Chikwangwani ichi chipachikidwe m'kati, pachitseko, molingana ndi maso a munthu yemwe watambasula dzanja kuti atsegule. Mawu ake ndi awa: Mwachoka m'chimbudzi? Sambani m'manja ndi sopo. Mukalowa m'khitchini sambaninso. Chithunzi ndi chimodzi chokha, manja a thovu pansi pa mpopi.

Kusamba kawiriku kuli ndi chifukwa. Pakati pa chimbudzi ndi khitchini pali zitseko ziwiri, ndipo zogwirira zake zagwiridwa ndi alendo 150, ana omwe, ndipo sitingadziwe kuti ndani anasamba. Kunja kwa chitseko chomwecho tiikeko kachikwangwani kena kakang'ono ka epuloni yolendewera pamsomali, ndi mawu akuti Vulani epuloni musanalowe. Ngati msomaliwo kapena chokolekapo palibe, kachikwangwaniko n'kopanda ntchito, chifukwa munthu savula chinthu alibe pochisiya.

Tione kuti sitinalembe kuti kunja, kuseri kapena kudzithandiza. Pakamwa timazungulira chifukwa cha ulemu, koma pachikwangwani timalemba kuti chimbudzi. Mwana wobadwira kuno yemwe Chichewa chake n'chapakhomo akawerenga kuti mukachoka kuseri adzafunsa kuti kuseri kwa chiyani.

Chachitatu: patebulo la nyama yaiwisi

Nkhuku yaiwisi kawirikawiri imakhala ndi kachilombo kotchedwa kampilobakita, komwe kuno kamadwalitsa anthu ambiri kuposa mabakiteriya ena onse odzera m'chakudya. Kuphika bwino kumakapha. Vuto limabwera pamene dzanja, mpeni kapena bolodi yodulirapo yachoka pa nkhuku n'kupita pa saladi yemwe saphikidwa. Munthu amayamba kudwala patatha masiku awiri mpaka asanu, ndiye nthawi zambiri sakumbukiranso za phwando lija.

Mawu a chikwangwanichi akhale awa: Mwagwira nyama yaiwisi? Sambani m'manja musanagwire china chilichonse. Chithunzi chake chiyende kuchokera kumanzere kupita kumanja: nkhuku yaiwisi pabolodi yofiira, kamuvi, manja a thovu, kamuvi kena, kenaka tomato ndi letesi pabolodi yagirini. Munthu wosawerenga chilankhulo chilichonse akhoza kuona kuti njira yochokera pa nkhuku kupita pa saladi imadutsa pasinki.

Mitundu ya mabolodiyi sitinangoisankha. M'makhitchini ambiri kuno bolodi yofiira ndi ya nyama yaiwisi, yabuluu ndi ya nsomba yaiwisi, yachikasu ndi ya nyama yophika, ndipo yagirini ndi ya saladi ndi zipatso. Apa Chichewa chikhoza kutipusitsa. Mawu akuti obiriwira ena amawatchula ponena za masamba, ena ponena za mtambo kapena nyanja. Tikalemba kuti bolodi yobiriwira, wina atenga ya nsomba n'kudulirapo saladi. Tilembe kuti yagirini ndi yabuluu monga timalankhulira, ndipo mtunduwo uoneke pachithunzi. Izi zikutanthauzanso kuti chikwangwani chimenechi chisasindikizidwe ndi inki yakuda yokha.

Pamasinki akuluakulu ena amafuna kuwonjezera mawu akuti Musatsuke nkhuku yaiwisi. Tikudziwa kuti amayi athu ambiri apa agwedeza mutu, poti kwathu nkhuku timaipha tokha ndipo timaitsuka. Koma bungwe la Food Standards Agency linachenjeza mwamphamvu za izi m'chaka cha 2014, chifukwa madzi a pampopi akamenya nkhuku amathovukira pa mbale, pa zovala ndi pa chakudya chomwe chili pafupi. Lamulo lotsutsana ndi chizolowezi limafuna chifukwa chake pompo, apo ayi anthu amalinyalanyaza. Choncho pansi pake tilembe kuti Madzi amamwaza tizilombo, moto ndiwo umatipha, ndipo chithunzi chionetse madontho akudumpha kuchoka pa nkhuku kugwera pambale.

Chachinayi: pakhomo lolowera

Ichi ndi chomwe anthu sakonda kuchiwerenga, koma chimateteza anthu ambiri. Mawu ake: Mukutsegula m'mimba kapena kusanza? Musalowe m'khitchini. Dikirani maola 48 mutachira. Uzani woyang'anira. Pansi pake tisiye mpata wolembapo dzina la woyang'anira wa tsikulo. Chithunzi chionetse munthu atagwira pamimba, ali m'bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere, pambali pake pali masiku awiri a pakalendala.

Tione bwino mawu akuti mutachira. Maola 48 sayamba kuwerengedwa tsiku lomwe munthu wayamba kudwala, koma pamene kutsegula m'mimba kapena kusanza kwasiyiratu. Munthu yemwe anasanza komaliza Lachinayi madzulo sayenera kugwira chakudya mpaka Loweruka madzulo, ngakhale Lachisanu adzuke ali ndi mphamvu. Chikwangwani chongonena kuti maola 48 osafotokoza poyambira chimabweza anthu kuntchito msanga.

Chifukwa chachikulu ndi kachilombo ka norovairasi, komwe kamavuta kwambiri nyengo yozizira. Tizilombo tochepa zedi, tosakwana 100, tikhoza kudwalitsa munthu, ndipo wochira amapitiriza kutitulutsa kwa masiku angapo. Matendawa sasankha khitchini ya osauka. Kumayambiriro kwa chaka cha 2009, anthu oposa 500 ananena kuti anadwala atadya ku The Fat Duck, malo odyera otchuka kwambiri ku Berkshire. Ofufuza a zaumoyo anapeza kuti gwero linali nkhono za m'nyanja zodyedwa zaziwisi, ndipo anatchulanso ogwira ntchito omwe anatenga matendawo n'kumagwirabe ntchito.

Norovairasi ndiyenso chifukwa chake sitinajambule botolo la sanitaiza pachikwangwani chilichonse. Chiyambire mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020 ambiri tinazolowera kungopaka sanitaiza, koma iye sapha bwino norovairasi, ndipo sagwira ntchito pamanja amafuta kapena a ufa. Magolovesi nawonso amanyenga. Golovesi yogwira nkhuku n'kugwira buledi yanyamula tizilombo mofanana ndi dzanja, ndipo wovalayo samva kunyowa kapena kunanda komwe kukanamukumbutsa kusamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tikudziwa kuti kwa wophunzira wolipidwa pa ola, kukhala pakhomo masiku awiri ndi ndalama ya chakudya cha sabata. Chikwangwani sichingathetse vuto limeneli. Koma kwa inu ogwira ntchito m'nyumba za okalamba, dziwani kuti matenda omwe inu mwachira patatha masiku awiri akhoza kugoneka agogo a zaka 85 m'chipatala chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Ndipo kwa ife oyang'anira makhitchini a mpingo ndi a bungwe, mayi akanena kuti m'mimba simuli bwino timuthokoze, tisamufunse zambiri pagulu. Wochititsidwa manyazi kamodzi sadzanenanso.

Zithunzi zomveka kwa aliyense

Leicester ndi mzinda wa zilankhulo zambiri. M'khitchini imodzi mukhoza kupezeka wolankhula Chigujarati, Chisomali, Chipolishi ndi Chishona. Mawu a Chichewa ayende limodzi ndi a Chingerezi, mzere pansi pa mzere, tanthauzo lake lofanana ndendende. Zilankhulo zikapitirira ziwiri kapena zitatu papepala limodzi, zilembo zimachepa ndipo onse amaluza. Pamenepo chithunzi ndicho chimasenza katundu.

Kuno maonekedwe a zizindikiro za chitetezo pantchito ali m'lamulo la m'chaka cha 1996. Bwalo labuluu lokhala ndi chithunzi choyera limatanthauza kuti chitani ichi. Bwalo la mkombero wofiira lodulidwa ndi mzere limatanthauza kuti musachite. Chizindikiro chachikasu cha ngodya zitatu ndi chenjezo. Aliyense wogwira ntchito kuno anazizolowera, choncho ifenso titsate zomwezo. Tikajambula manja osamba m'bwalo lofiira chifukwa choti kufiira kumaoneka patali, wina amva kuti pano saloledwa kusamba.

Chithunzi chionetse manja ndi chinthu chokhacho chomwe tikunena. Nkhope zomwetulira, maluwa m'mphepete, mbendera, ndi tizilombo tojambulidwa ndi mano ngati ta m'makatuni zimangosokoneza maso. Manja ajambulidwe momwe wosambayo akuonera manja ake, zala zikuloza kutsogolo, kuti angotsanzira. Asakhale ndi wotchi, zibangili kapena zikhadabo zazitali zopaka utoto, chifukwa anthu amatsanzira zonse zomwe aona. Ngati tajambula chala cha bala, pulasitala yake ikhale yabuluu monga zimakhalira m'makhitchini, popeza mtundu umenewu umaoneka msanga ikagwera m'chakudya.

Njira yosavuta ndi kujambula ndi foni manja a mmodzi wa ife, pasinki yomweyo, ndi sopo yemweyo. Kumbuyo kukhale kopanda zinthu ndipo kuwala kukhale kokwanira. Munthu akaona mpopi womwe akuudziwa, samva ngati uthengawo ndi wa anthu ena.

Kusindikiza ndi kupachika

Pepala la A4 limakwana pa zikwangwani zitatu zija, koma cha pasinki chokhala ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi chimafuna A3. Pakompyuta tisankhe zilembo zosakongoletsa monga Arial, mutu pa saizi 72, mizere ina isachepere 28. Zilembo zakuda papepala loyera ndizo zimawerengeka bwino. Tisalembe chiganizo chonse m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa chimavuta kuwerenga, makamaka kwa yemwe chilankhulocho si chake.

M'khitchini muli nthunzi ndi mafuta, choncho pepala likutidwe ndi pulasitiki kuti lizipukutika. Pulasitiki yosanyezimira ndi yabwino, poti yonyezimira imabweza kuwala kwa magetsi n'kubisa mawu. Tisagwiritse ntchito mapini kapena timisomali, ndipo tisapachike chikwangwani pamwamba penipeni pa poto kapena pa chakudya chosavundikira, kuopa kuti kanthu kangagweremo. M'holo yobwereka tipemphe kaye eni ake tisanamate kanthu pakhoma. Kutalika kwake kuchokera pansi kukhale pafupifupi mita imodzi ndi theka, molingana ndi maso a munthu woimirira.

Tidziwa bwanji kuti chikugwira ntchito?

Tisanasindikize zambiri, tiyese. Tiphimbe mawu onse ndi dzanja, tionetse zithunzi zokha kwa anthu atatu omwe sanathandize kulemba: mayi wachikulire, wophunzira, ndi mnansi wosamva Chichewa. Tisawafunse kuti mwamva, chifukwa mwaulemu onse avomera. Tiwafunse kuti chithunzichi chikukuuzani kuti muchite chiyani, ndipo achite tikuona. Ngati mmodzi walakwitsa, cholakwa ndi chithunzi, tichikonze. Kenaka tiime masitepe atatu kuchokera pakhoma, tione ngati mutu ukuwerengeka popanda kutsinzinira.

Pophunzitsa ophika pali kamasewero kotchipa. Aliyense apake m'manja supuni yaing'ono ya mafuta ophikira osakaniza ndi ufa wa koko, atseke maso, asambe monga amachitira masiku onse, kenaka atsegule maso. Zotsalira zimapezeka pa chala chachikulu, m'zikhadabo ndi pakati pa zala. Akabwerezanso motsata zithunzi zija amadzionera yekha kusiyana, ndipo chikwangwani chimakhala ndi tanthauzo kwa iye kuyambira tsiku limenelo.

Patsiku la ntchito, umboni uli pasinki pomwepo. Ophika 12 atagwira ntchito maola anayi, aliyense amayenera kukhala atasamba kangapo. Ngati kasinki kali gwa kouma, sopo sanatsike m'botolo, ndipo m'bini mulibe mapepala onyowa, ndiye kuti anthu sakusamba, ngakhale chikwangwani chikongole bwanji. Tisathamangire kukalipa. Tione kaye ngati madzi sakuwotcha kwambiri, ngati katoni ya zakumwa sinatseke njira, ngati mapepala sanathe. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi.

Chomaliza n'chakuti maso amazolowera. Chikwangwani chomwe chakhala pamalo amodzi miyezi yambiri chimasanduka mbali ya khoma. M'khitchini yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndi bwino kuchisintha pakapita miyezi ingapo, kaya chithunzi kaya mtundu wa m'mphepete, mawu ake n'kukhala omwewo. Chikathimbirira kapena kumatuka tichichotse, poti chikwangwani chauve chonena zaukhondo palibe amachikhulupirira.

Kwa inu omwe muli ndi kabizinesi ka chakudya, buku la Safer Food, Better Business la bungwe la Food Standards Agency limapezeka mwaulere ndipo lili ndi masamba okhudza kusamba m'manja ndi matenda a ogwira ntchito. Kwa makomiti a maphwando, maukwati ndi maliro, pempho lathu ndi lakuti posankha wogula nkhuku ndi wophika nsima, musankhenso munthu mmodzi wonyamula zikwangwani zinayizi, botolo la sopo ndi mapepala opukutira, ndipo afike m'khitchini moto usanayatsidwe.